Musanditumizire nkhope ya thumba yokha: kuwerenga lebulo ya mankhwala a kachewere pa chithunzi

Mvula ikakhazikika mu Januwale, foni yanga siipuma. Alimi a ku Tsangano, ku Domwe ndi midzi yozungulira Ulongwe amatumiza zithunzi za matumba ndi mabotolo, funso lake limodzimodzi: "Alangizi, awa ndi mankhwala anji, nanga ndithire angati?" Zithunzi zambiri zimaonetsa kutsogolo kwa thumba, pamene pali dzina lalikulu ndi chithunzi cha tomato wonenepa. Mbali imeneyo ndi ya wogulitsa. Mbali ya mlimi ili kumbuyo, pa timalemba ting'onoting'ono tija timatopetsa maso.

Ndikufotokozereni za bambo ena a ku Tsangano, olima kachewere pamunda wa mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndiye kuti kota ya hekitala. Anagula thumba la kilogalamu imodzi la ufa wachikasu, nanditumizira chithunzi atajambula madzulo m'nyumba. Dzina linaoneka theka, kwinako kuwala kwa tochi kunaphimba. Anandiuza kuti ndi "daifeni". Kuno ufa uliwonse wachikasu wopopera kachewere timautchula choncho, kutengera Dithane M-45 amene anafala kalekale, monga momwe ena amatchulira mankhwala onse otsukira mano ndi dzina limodzi. Ndinawayankha kuti, "Bambo, sindingakuuzeni mlingo ndi chithunzi ichi. Mawa kukacha mutulutse thumbalo panja, pamthunzi, mujambulenso katatu."

Katatu kake ndi aka. Choyamba, kutsogolo konse, thumba litawongoledwa, kuyambira pamwamba mpaka pa mzere wa mtundu umene umakhala m'munsi. Chachiwiri, kumbuyo pamene pali mndandanda wa mbewu ndi milingo, foni itayandikira mpaka inu eni mukutha kuwerenga manambala pa galasi la foniyo. Chachitatu, pakona pamene anadinda Lote, Data de fabrico ndi Validade, kutanthauza nambala ya gulu la katunduyo, tsiku lopangidwa ndi tsiku lothera mphamvu. Pukutani kamera ndi nsalu, tochi muzimitse. Potumiza pa WhatsApp, chithunzi chimachepetsedwa ndipo timalemba timasungunuka, 3 n'kumaoneka ngati 8. Mukasankha Documento m'malo motumiza ngati chithunzi wamba, chimafika monga munajambulira, ngakhale chimadya data yochulukirapo.

Zithunzi zitafika, sindinayambire pa dzina. Dzina la malonda limasintha malinga ndi kampani yoitanitsa katunduyo, ndipo kampani imodzi imatha kuika mankhwala osiyana m'matumba ofanana mtundu ndi kalembedwe. Ndinafunafuna mawu akuti Substância activa, ndiwo amanena chenicheni chimene chikugwira ntchito m'thumbamo. Panalembedwa Mancozeb 800 g/kg, pambali pake WP. Tanthauzo lake n'lakuti mu kilogalamu iliyonse ya ufawo, magalamu 800 ndi mankozebu, ndipo WP ndi ufa wosungunula m'madzi. Malebulo ena a Chipwitikizi amalemba PM. Pamwamba panali mawu akuti Fungicida, mankhwala a matenda a nkhungu monga chiwawu. Akanakhala ophera tizilombo pakanalembedwa Insecticida, ophera udzu Herbicida. Mawu atatu amenewa aliyense awaloweze ngakhale sadziwa Chipwitikizi, chifukwa kusokoneza loyamba ndi lachitatu ndi kutentha munda wonse tsiku limodzi.

Panalinso nambala ya kaundula wa boma, Número de registo. Lamulo la dziko lino la Mozambique la kasamalidwe ka mankhwala a mbewu, Decreto 6/2009, limafuna kuti mankhwala ogulitsidwa muno akhale olembetsedwa. Kuno kumalire katundu amalowa mbali zonse, wina wochokera ku Dedza kudzera ku Kalomwe, wina wa pamsika wa Lizulu, ndiye lebulo ya Chingerezi si yachilendo. Kawerengedwe kake n'kamodzimodzi, koma thumba lopanda nambala ya kaundula wa dziko lililonse ine sindiliwerengera mlingo. Chimodzimodzi ufa wopimidwa m'timajumbo: wogulitsa akhoza kukuonetsani thumba loyambirira kuti mujambule, koma chithunzicho chikunena za thumbalo, sichikunena za kajumbo kali m'manja mwanu.

Tsopano pa mndandanda wa mbewu, pansi pa mutu wakuti Culturas. Kachewere pa malebulo a kuno ndi batata reno, kapena batata chabe; batata-doce ndi mbatata ya kholowa, musasokoneze. Chiwawu ndi míldio. Tsatani mzere wa mbewu yanu ndi chala mpaka pa Dose. Ngati mbewu yanu mulibe pa mndandandawo, musabwereke mlingo wa mzere woyandikana nawo. Pa thumba la bambo aja, mzere wa batata unati 2 kg/ha, kupopera masiku 7 mpaka 10 alionse. Pa manambala a Chipwitikizi chenjerani ndi kamchira: 2,5 kg ndi makilogalamu awiri ndi theka, osati 25.

Apa ndi pamene alimi ambiri amasiyira lebulo n'kuyamba kufunsa anzawo, chifukwa lebulo ikulankhula za hekitala pomwe mlimi wanyamula mpope wa kumsana wa malita 16. Palibe yankho limodzi la "masupuni angati pa mpope" lokwanira aliyense. Zimatengera madzi amene inuyo mumathera pa hekitala, ndipo zimenezo zimatengera kayendedwe kanu, kamwa ya mpope wanu ndi kukula kwa mbewu.

Ndinawapempha bambo aja kuti ayeze mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi m'munda momwemo, athire malita 10 a madzi okhaokha mu mpope, apopere kachigawoko monga amachitira masiku onse, masamba anyowe pamwamba ndi pansi koma osafika pochucha. Atatha anakhuthulira otsalawo m'chigubu choyezera, napeza malita 6. Ndiye anathera malita 4. Kachigawo kameneko kamalowa ka 100 mu hekitala, choncho pa hekitala amathera malita 400. Malita 400 kugawa ndi 16 ndi mipope 25. Makilogalamu 2 ndi magalamu 2000, ndipo kuwagawa pa mipope 25 tikupeza magalamu 80 pa mpope uliwonse. Munda wawo wa kota ya hekitala umafuna mipope isanu ndi umodzi ndi kapang'ono, magalamu 500 pa ulendo umodzi. Thumba lawo linali la maulendo awiri basi.

Iwo ankathira masupuni awiri pa mpope. Titakayezetsa pa sikelo ya m'sitolo, masupuniwo anakwana magalamu 30 okha. Ankadabwa kuti thumba likukhalitsa koma chiwawu sichikumva, mpaka anayamba kuganiza kuti anawagulitsa achinyengo. Mankhwalawo analibe mlandu.

Mnzawo wa munda woyandikana akanachita kukopera magalamu 80 aja akanalakwitsanso. Tinene kuti iye amayenda pang'onopang'ono n'kuthera malita 6 pa kachigawo komweko: ndiwo malita 600 pa hekitala, mipope 37 ndi theka, magalamu pafupifupi 53 pa mpope. Akathira 80, wapyola mlingo ndi theka lathunthu. Kachewere akakula n'kutseka mizere amamwanso madzi ambiri kuposa ali wamng'ono, choncho muyeso uja ubwerezedwe pakati pa nyengo. Malebulo ena amapereka mlingo wa mtundu wina, wonena magalamu pa malita 100 a madzi, olembedwa g/100 L. Pamenepo masamu ndi achidule: ikati 200 g/100 L, ndi magalamu 2 pa lita, 32 pa mpope wa malita 16. Koma mlingo wotere amauwerengera kuti pa hekitala pathiridwa madzi ambiri ndithu, ndiye yang'anani ngati lebulo yatchula kuchuluka kwa madziwo. Mizere iwiriyi ikakhalapo yonse, ine ndimatsata wa pa hekitala. Sikelo ya magalamu si aliyense ali nayo; yezetsani kamodzi kwa wogulitsa, thirani ufawo m'kapu yodulidwa ku botolo, lembani mzere pamene wafika, ndipo kapuyo isagwirenso ntchito ina kapena kulowa kukhitchini.

Pali china chimene lebulo inanena koma bambowa sanachione: mankozebu ndi woteteza, sachiza. Amakhala pamwamba pa tsamba, salowa m'kati, choncho masamba amene aphuka mutapopera kale alibe chitetezo, ndipo mvula yamphamvu imamukokolola. N'chifukwa chake kupopera kumabwerezedwa, ndipo sabata za nkhungu ndi mvula yamawawa ngati za ku Tsangano mumatsata masiku 7, osati 10. Mukaona mawanga akuda onyowa m'mphepete mwa masamba, ndi kanthu koyera ngati thonje kunsi kwake m'mawa, matenda alowa kale. Mankozebu angoteteza masamba otsalawo. Olowa m'kati mwa mbewu alipo, monga aja pa Substância activa pali maina awiri, Metalaxil pamodzi ndi Mancozeb. Ufa wake umaoneka wofanana, thumbanso nthawi zina lofanana, koma mtengo ndi mlingo n'zosiyana, ndipo lebulo yake imaika malire a maulendo opopera pa nyengo imodzi kuti matenda asazolowere. Pa chithunzi cha usiku chija sindikanatha kusiyanitsa awiriwa.

Mzere wotsiriza umene ndinawaonetsa ndi Intervalo de segurança, masiku oyenera kudutsa kuchokera pa kupopera komaliza kufika pokolola. Pa thumba lawo, mzere wa batata unati masiku 14. Nambalayi imasiyana mbewu ndi mbewu pa thumba lomwelo, ndiye mlimi wa tomato, amene amathyola sabata iliyonse, awerenge mzere wa tomate osati wa mnzake. Mzere wa mtundu m'munsi mwa lebulo umanena za kuopsa kwa mankhwalawo kwa munthu: wofiira ndi woopsa kwambiri, wachikasu wapakati, wobiriwira wocheperako. Tizithunzi tili mumzeremo tikuonetsa zovala, magolovesi ndi chotseka pakamwa. Ufa wa mankozebu umauluka potsegula thumba ndipo umayabwa khungu, choncho pimirani panja mutafulatira mphepo, muusungunule kaye m'ndowa ndi madzi pang'ono, kenako muthire mu mpope kudzera pa sefa.

Za feteleza ndingotchulako pang'ono, poti nzeru yake ndi yomweyo. Jambulani manambala atatu olembedwa pa thumba, osati dzina. Thumba la makilogalamu 50 la 12-24-12 lili ndi makilogalamu 6 a nayitirojeni, 12 a fosifeti ndi 6 a potashi, pomwe 23:21:0+4S wa ku Malawi alibe potashi n'komwe, chonsecho onse awiri timangoti "wokulitsa". Chithunzi sichingandiuze ngati thumba linasokedwanso kapena muli mchenga. Onani ulusi wa pakamwa pa thumba, liyezetseni pa sikelo, ndipo ngati ndi yureya, tapani pang'ono muthire m'kapu ya madzi: weniweni amasungunuka yense ndipo madziwo amazizira. Chotsalira pansi n'chosafunika kukhalamo, ndipo thumba lotero mukalionetse ku SDAE, ofesi yoona za ulimi m'boma lanu, pamodzi ndi lisiti.

Bambo aja anakagula matumba ena awiri a mankozebu yemweyo, dzina la malonda lina, koma 800 g/kg yomweyo. Asanalipire anandijambulira kumbuyo kwake ali m'sitolo momwemo, ndipo mzere wa batata unali 2 kg/ha, choncho mzere wa pa kapu yawo sunasinthe.