Kusikwata ndi chitsulo chopepuka

“Ndili ndi dambelo ya makilogalamu 10 yokha, ndipo posikwata yayamba kundipepukira. Nditani?”

Musaonjezere chitsulo, chepetsani liwiro.

Gwirani dambeloyo pachifuwa, mapazi atalikirane molingana ndi mapewa. Kokani mpweya, limbitsani mimba, kenako tsikani ngati mukunyonyomala, mukuwerenga masekondi 3. Ntchafu zikalingana ndi maondo, imani masekondi 2, mudzuke mwamphamvu pa sekondi imodzi. Kukwera ndi kutsika ka 8 motere kumatenga masekondi 48, pomwe kuthamangira kumatha m'masekondi ngati 16. Bwerezani katatu, mukupuma masekondi 90 pakati.

Poimapo ndi pomwe pagona nkhani. Mukatsika mothamanga, minofu imatamuka ngati legeni n'kukuponyerani m'mwamba. Kuima kumachepetsa thandizo limeneli, ntchafu n'kutsala zokha ndi katundu. Koma musakhale pa zidendene ngati mukupumula. Thupi likhalebe lolimba. Maondo akapindikira mkati kapena zidendene zikanyamuka, mwatsika kuposa pomwe mungathe kudzigwira, ndiye kwezani poimira pang'ono.

Ambiri akatopa amawerenga mothamanga, choncho yang'anani wotchi. Mukalephera kusunga masekondi 3, lekezani pomwepo. Zikayamba kupepukanso, tsikani masekondi 5.