Uthenga woziyankha wokha pa Gmail mukapita ku maliro

"Achimwene, ndikupita kumudzi ku maliro a malume, ndipange bwanji kuti imelo izidziyankha yokha?"

Pepani kwambiri achemwali. Pa kompyuta dinani kagiya kali pamwamba kumanjako, kenako See all settings, mutsike mpaka pa Vacation responder muyatse. Ikani First day ndi Last day, koma lomalizalo muwonjezereko masiku awiri, za kumudzi zimachedwa, mwina pali zokambirana za banja, mwinanso thiransipoti yavuta.

Uthengawo ukhale waufupi: "Ndachokapo kaye chifukwa cha maliro, ndibwerera Lolemba pa 14. Zachangu lemberani mnzanga wa mu ofesi pa imelo iyi." Pamapeto pa uthengawo mulembepo imelo ya mnzanuyo, ndipo mumuuziretu, asadzangodabwa. Amene wamwalira osamutchula, makasitomala sizikuwakhudza.

Bokosi la Only send a response to people in my Contacts musalichonge ngati mumalandira makasitomala atsopano, mukalichonga sadzayankhidwa. Mukatero Save Changes pansi penipeni, ambiri amaiwala pamenepa.