Kasitima koyesera kayende pa liwiro lanji, ndipo zotsatira zake muzikuze bwanji?

Amene mukuphunzira kapangidwe ka sitima zapamadzi, ndiponso inu amene mwalandira lipoti lochokera ku dziwe loyesera ndipo mukufuna kusankha injini, pali cholakwa chimodzi chomwe ndikufuna muchipewe. Munthu amayeza mphamvu yokokera kasitima kakang'ono m'madzi, n'kungoichulukitsa ndi nambala imodzi kuti apeze ya sitima yeniyeni. Kuteroko n'kulakwitsa. Madzi amakaniza sitima m'njira ziwiri, ndipo njira ziwirizo sizikula mofanana.

Njira yoyamba ndi mafunde. Sitima ikamayenda imatukula madzi kutsogolo, n'kusiya mafunde otambasuka m'mbuyo, ndipo mphamvu yowatukulayo imachokera ku injini. Chobwezera madziwo pansi ndi mphamvu yokoka ya dziko. Njira yachiwiri ndi kukhulana kwa madzi ndi thupi la sitima. Madzi amananda pang'ono, ngakhale sizioneka ngati mmene uchi umachitira, choncho amamatirira pakhungu la sitima n'kumakokeka nayo. Chilichonse mwa ziwirizi chili ndi nambala yake: mafunde amatsata nambala ya Froude, kukhulana kumatsata nambala ya Reynolds.

```
Fr = V / √(g × L)
Re = V × L / ν
```

Pamenepa V ndi liwiro, L ndi utali wa sitima pamzere wa madzi, g ndi muyeso wa mphamvu yokoka ya dziko, womwe ndi 9.81, ndipo ν ndi muyeso wa kunanda kwa madzi.

Tiyerekeze kuti tikufuna kumanga sitima ya pa nyanja ya Malawi yotalika mamita 48, yofupikirapo pang'ono poyerekeza ndi Ilala. Iziyenda mamita 5.2 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi manoti 10. Tasema kasitima ka mamita 3, kutanthauza kuti mbali iliyonse yachepetsedwa ka 16. Kayende pa liwiro lanji m'dziwe?

Mukafuna kufananitsa nambala ya Reynolds m'madzi amodzimodzi, kasitimako kayenera kuthamanga kuposa sitima yaikulu ka 16, chifukwa utali wachepa ka 16. Amenewo ndi mamita 83 pa sekondi, pafupifupi makilomita 300 pa ola. Palibe ngolo yokokera kasitima m'dziwe imene ingafike pamenepo, ndipo ikanafika, kasitimako kakanatukula mafunde osafanana n'komwe ndi a sitima yathu. Koma mukafananitsa nambala ya Froude, liwiro limagawidwa ndi 4 yekha, popeza 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16. Kasitima kayenda mamita 1.3 pa sekondi, liwiro la munthu woyenda wapansi, ndipo Fr imakhala 0.24 konsekonse. Mukaimirira pambali pa dziwe mudzaona funde loyamba likutukuka paphewa la kasitima, madzi n'kutsika chapakati, n'kukweranso, pamalo omwewo amene adzatero pa sitima yaikulu.

Nambala ziwirizi sizingafanane nthawi imodzi m'madzi wamba, chifukwa ina ikuti chepetsa liwiro pomwe inzake ikuti onjezera. Sankhani ya Froude nthawi zonse pamene chombo chikuyenda pamwamba pa madzi n'kumapanga mafunde. Chifukwa chake si chakuti kukhulana n'kochepa, ayi. M'chitsanzo chathu muona kuti ndiko kukuchuluka. Chifukwa n'chakuti mafunde amadalira kwambiri maonekedwe a thupi la sitima, ndipo ndi ovuta kuwawerengera papepala, pomwe kukhulana kumadalira makamaka kukula kwa khungu lonyowa, utali ndi liwiro, choncho kumawerengeka. Chovuta kuwerengera timachiyeza, chosavuta timachiwerengera. Nambala ya Reynolds imatenga malo oyamba pokhapokha chinthu chikamira kwambiri osapanga mafunde, monga sitima yoyenda pansi pa madzi akuya.

Nzeru yogawa pawiriyi ndi ya William Froude wa ku Mangalande, amene anamanga dziwe lake loyesera ku Torquay cha m'ma 1871. Iye ankakoka matabwa osalala opyapyala, aatali mosiyanasiyana, kuti adziwe kukhulana pakokha popanda mafunde. Lero sitikokanso matabwa. Timagwiritsa ntchito mzere umene msonkhano wa madziwe oyesera, ITTC, unagwirizana mu 1957:

```
Cf = 0.075 / (log10(Re) − 2)²
Rf = Cf × 0.5 × ρ × S × V²
```

Cf ndi nambala ya kukhulana, Rf ndi mphamvu ya kukhulanako, S ndi kukula kwa khungu lonyowa, ρ ndi kulemera kwa madzi okwana mita imodzi mbali zonse zitatu.

Tsopano tiwerengere limodzi. Tinene kuti khungu lonyowa la kasitima ndi masikweya mita 1.8, madzi a m'dziwe ali pa madigiri 15, ndipo sikelo ya pangolo yaonetsa manyutoni 8.5. Pa kutentha kumeneko ν ndi 0.000001139, ndiye Re ya kasitima ndi pafupifupi 3.4 miliyoni, ndipo Cf imatuluka 0.00365. Tikaika m'fomula yachiwiri, kukhulana kwa kasitima ndi manyutoni 5.55. Tikachotsa pa 8.5 patsala 2.95. Chotsalachi ndicho gawo la mafunde, pamodzi ndi timavuvu ta madzi kumbuyo kwa sitima, ndipo ndicho chokhacho chimene tili ndi chilolezo chochichulukitsa mwachindunji. Chimakula monga mmene kulemera kwa sitima kumakulira, ndiye kuti 16 × 16 × 16, yomwe ndi 4,096. Manyutoni 2.95 asanduka makilonyutoni 12.1.

Dziwani apa kuti sitima yathu ndi ya madzi opanda mchere, monga a m'dziwe momwemo. Ikanakhala ya kunyanja yamchere tikanaonjezera pafupifupi 2.5 pa 100 aliyense chifukwa madzi amchere ndi olemerapo. Malipoti ambiri amalembedwa ndi madzi amchere a madigiri 15 ngati mwini ntchito sananene kanthu, choncho nenani msanga kumene sitima yanu idzagwire ntchito.

Kukhulana kwa sitima yaikulu tikuwerengera pakokha, kuyambira pachiyambi. Khungu lonyowa lakula ka 16 × 16, lafika masikweya mita 461. Madzi a pamwamba pa nyanja yathu ndi ofunda. Titenge madigiri 25, pomwe ν imatsika kufika 0.000000893. Re ya sitima ndi pafupifupi 280 miliyoni, ndipo Cf ndi 0.00180, theka chabe la ya kasitima kaja. Zimenezi zikupereka makilonyutoni 11.2. Koma kasitima ndi kosalala ngati mbale, pomwe sitima yachitsulo ili ndi mizere yowotcherera ndi penti wa mabampu. Pachifukwa ichi pamaonjezeredwa kagawo, ndipo kamene kakhala kakugwiritsidwa ntchito kuyambira kale ndi 0.0004 pamwamba pa Cf. Kwa ife amenewo ndi makilonyutoni 2.5.

Kuphatikiza 12.1, 11.2 ndi 2.5 tikupeza makilonyutoni 25.8. Tikachulukitsa ndi liwiro la mamita 5.2 pa sekondi, mphamvu yofunika pokoka thupi la sitimayo ndi makilowati 134. Uja wongochulukitsa 8.5 yense ndi 4,096 akanapeza makilonyutoni 34.8, kupyola yankho loona ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akanagula injini yaikulu, yolemera, yodya malo a katundu, ndipo akanaisankhira pulopela yosayenera.

Makilowati 134 amenewa si kukula kwa injini, musasokoneze. Pulopela sisandutsa mphamvu yonse kukhala kukankha. Ngati ikupereka magawo 6 mwa 10, injini iyenera kutulutsa makilowati opitirira 220, ndipo pamwamba pake pamafunikanso kagawo ka mwera ndi ndere zomera pakhungu la sitima.

Pali msampha wina umene umandidetsa nkhawa kuposa woyamba uja, chifukwa uwu umanamiza mokomera. Mzere wa 1957 umaganiza kuti madzi oyandikana ndi khungu ndi ovunduka kuyambira kumphuno mpaka kumchira, ndipo pa sitima yeniyeni ndi mmene zilili. Koma pa kasitima kosalala, koyenda pang'onopang'ono, madzi amatha kutsetsereka mwabata, osavunduka, pa chigawo chachikulu cha kutsogolo. Madzi abata amakhula pang'ono. Sikelo imaonetsa nambala yotsika, inu mumachotsabe 5.55 yense, ndipo chotsala chija chimachepa monama. Taganizirani sikelo itaonetsa 7.9 m'malo mwa 8.5. Kusiyanako ndi manyutoni 0.6, kulemera kwa dzira limodzi la nkhuku m'dzanja. Dzira limenelo likachulukitsidwa ndi 4,096 lisanduka makilonyutoni 2.5, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a yankho lonse, ndipo sitima idzalephera kufika liwiro lomwe munalonjeza.

Mankhwala ake ndi kuvundula madziwo dala. Pafupi ndi mphuno, pa mtunda wa pafupifupi 5 pa 100 wa utali wa kasitima, kwa ife masentimita 15, amamatapo mzere wa timisomali tatifupi, kapena kawaya kopyapyala kozungulira thupi, kapena kalamba wa mchenga. Mukalandira lipoti, yang'anani zithunzi za kasitima ndipo muone mzere umenewo ndi maso anu. Yang'ananinso zotsatira za maulendo a liwiro lotsika. Ngati manambala akubalalika, kapena kukaniza konse kwatsika mpaka kufika pansi pa mzere wa kukhulana kokha, dziwani kuti madzi sanavunduke, chifukwa sitima singakanizidwe mochepera kukhulana kwake komwe. Ichi n'chifukwa chakenso kasitima kakang'ono kwambiri si kabwino, ngakhale kali kotchipa kusema: tikanachepetsa ka 48 n'kukhala ndi ka mita imodzi, Re ikanatsika pansi pa miliyoni imodzi ndipo cholakwa chilichonse cha pasikelo chikanachulukitsidwa ndi 110,592.

Kasitima kakakulitsanso, makoma ndi pansi pa dziwe zimapanikiza madzi, amathamanga podutsa m'mbali, ndipo sikelo imakwera. Madzi nawonso adikiridwe akhazikike ulendo wina usanayambe, ndipo kutentha kwake kuyezedwe tsiku lomwelo, popeza mwaona kale kuti kuchoka pa madigiri 15 kufika pa 25 kunanda kumatsika ndi gawo loposa limodzi mwa asanu.

Njira imene tatsatayi ili ndi malire. Imatenga thupi la sitima ngati thabwa lafulati, pomwe thupi lokhota, lonenepa, limakanizidwa ndi kunanda kwa madzi kuposa thabwa. Gawo loonjezeralo labisala m'manyutoni 2.95 aja, ndipo talikuza ngati kuti ndi mafunde, zomwe zimakweza yankho pang'ono. Njira ya ITTC ya 1978 imakonza zimenezi pochulukitsa Cf ndi `1 + k`, ndipo k, yemwe ndi muyeso wa gawo loonjezeralo, amapezeka pokoka kasitima pa liwiro lotsika, Fr ya pakati pa 0.1 ndi 0.2, pomwe mafunde ali ochepa. Kumeneko n'komwenso madzi amavuta kuvunduka, choncho k wotengedwa pa kasitima kopanda timisomali musamukhulupirire. Ndipo kagawo koonjezera ka njira imodzi musakasamutsire ku inzake: 0.0004 ija ndi ya njira yakale, pomwe ya 1978 ili ndi kawerengedwe kake. Funsani olemba lipoti kuti atsata njira iti musanayerekeze manambala a madziwe awiri osiyana.