Momwe mungalembere kalata yopempha tchuthi cholipidwa cha mayeso

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wantchito tchuthi cha pachaka, masiku 15 ngati amagwira masiku asanu pasabata ndi 18 ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi, koma silikamba za tchuthi cha maphunziro. Choncho yambani mwawerenga mgwirizano wanu wa ntchito kapena buku la malamulo a pantchito panu. Mukapeza ndime yokamba za maphunziro, ilembeni pambali, chifukwa pempho lanu litsamira pamenepo.

Ndandanda ya mayeso ikangotuluka, khalani pansi ndi kalendala. Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito yowerengera ndalama muno mu Zomba, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo mukulemba mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, ku Blantyre Lachiwiri pa 2 ndi Lachinayi pa 4 Juni 2026. Mukufuna masiku atatu owerenga: 27, 28 ndi 29 Meyi. Lolemba pa 1 Juni ndi la ulendo, poti kudalira minibasi ya m'mamawa tsiku la mayeso n'kuika moyo pachiswe. Pa 3 Juni muli pakati pa mapepala awiri, simungabwerere ku ofesi. Onse pamodzi ndi masiku 7 ogwira ntchito. Loweruka ndi Lamlungu musawawerengere.

Maofesi ambiri amafuna kalata ya m'Chingerezi, koma mfundo zake n'zomwezi. Mukalemba adiresi, deti ndi mutu, thunthu lake likhale lotere:

"Bwana, ndikupempha tchuthi cha maphunziro cholipidwa cha masiku 7 ogwira ntchito, kuyambira Lachitatu pa 27 Meyi mpaka Lachinayi pa 4 Juni 2026, kuti ndikalembe mayeso a ICAM pa 2 ndi pa 4 Juni. Ndidzabwerera kuntchito Lachisanu pa 5 Juni. Ndikupempha kuti masikuwa asachotsedwe pa tchuthi changa cha pachaka ndiponso malipiro anga asadulidwe."

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Bwana akhoza kungolemba kuti "ndavomera", a kuofesi yoona za antchito n'kuchotsa masiku 7 pa 15 anu aja, inu n'kudzazindikira mu Disembala mukufuna kupita kumudzi.

Tchuthichi chikudutsa kumapeto a mwezi, nthawi ya malipiro, ndipo apa m'pomwe bwana angakanire. Ndiye lembani ntchito zomwe mudzakhale mutamaliza pofika pa 26 Meyi, ndi yemwe adzakugwirireni zotsalazo. Mnzanuyo mukambirane naye kaye musanalembe dzina lake.

Phatikizani kope la ndandanda ya mayeso ndi lisiti yolipirira. Perekani kalatayo kukadali mwezi wathunthu, ndipo pa kope lanu adindepo chidindo cha tsiku lomwe alandira. Akavomera pakamwa, apempheni mwaulemu kuti asayine pakalatapo. Akati masiku 7 achuluka, pemphani kuti 1 mpaka 4 Juni akhale a tchuthi cha maphunziro, atatu owerengawo achoke pa tchuthi chanu cha pachaka.