Ngongole isapitirire phindu

Amalonda anzanga, ngongole zinatsala pang'ono kutseketsa bizinesi ya mayi wina wogulitsa mpunga wa kilombero ku Nkhotakota. Ankapikula thumba pa K100,000, likatha lonse ankapeza K120,000. Phindu, K20,000 basi. Koma iwo ankakongoza mpunga wa K40,000 pa thumba lililonse, makamaka kwa asodzi olonjeza kulipira akapha usipa. Mwera utawomba mu June, mabwato anakhala pagombe, mayiwo n'kutsala ndi K80,000, yosakwana thumba lina.

Anapulumuka mwamwayi! Pano amalemba dzina ndi tsiku m'kope, ndipo sakongoza kupitirira theka la phindu, K10,000. Amene sanabweze yakale samupatsanso, ngakhale akhale mlamu. Inunso werengani madzulo: ndalama ya mpamba ikaperewera, lekani kaye kukongoza.