Malire a masiki ndi amene amapereka mtundu wa khungu: malangizo olumikizira nkhope ndi seamlessClone mu OpenCV

Wojambula zithunzi amene watola gulu la anthu kawiri motsatizana amapeza kawirikawiri kuti pa chithunzi chimene onse aoneka bwino pali munthu mmodzi amene anatsinzina, pomwe pa chithunzi chachiwiri munthu yemweyo maso ali otsegula. Njira yake ndi kudula chigamba cha nkhope pa chithunzi chachiwiri n'kuchiika pa choyamba, koma mukangochimata mmene chilili, msoko umaonekera chifukwa kuwala kwa zithunzi ziwirizo sikufanana ndendende. OpenCV, laibulale ya khodi yogwirira ntchito pa zithunzi mu kompyuta, ili ndi chida chochotsera msoko umenewu, `cv2.seamlessClone`, chimene chinabwera ndi OpenCV 3.0 ndipo chimatsata njira imene Patrick Pérez, Michel Gangnet ndi Andrew Blake anafotokoza m'chaka cha 2003. Ntchitoyi muziichita pa zithunzi za anthu amene avomereza, chifukwa kuika nkhope ya munthu pa thupi kapena pamalo pamene sanakhalepo iye osadziwa ndi kumunamizira.

Chimene muyenera kumvetsa musanalembe khodi ndi chakuti chida chimenechi sichikopa mitundu ya chigamba. Chimatenga kusiyana kwa kuwala pakati pa pikiseli iliyonse ndi zoyandikana nazo, kumene akatswiri amati giradiyenti, pomwe mtundu weniweniwo chimautenga m'mphepete mwa chigamba pa chithunzi cholandira. Pa pikiseli iliyonse ya mkati, kompyuta imafunafuna nambala yatsopano `f` yokwaniritsa lamulo ili, pomwe `g` ndi nambala za pa chigamba:

```
4*f(x,y) - f(x-1,y) - f(x+1,y) - f(x,y-1) - f(x,y+1)
  = 4*g(x,y) - g(x-1,y) - g(x+1,y) - g(x,y-1) - g(x,y+1)
```

Limeneli ndi lamulo la masamu lotchedwa ndi dzina la Siméon Denis Poisson wa ku France, ndipo limawerengedwa katatu, padera pa mtundu wabuluu, wobiriwira ndi wofiira.

Tiyeni tione zimenezi pa mzere umodzi wa mapikiseli asanu, pa muyeso wa kuwala woyambira pa 0 kufika pa 255. Tinene kuti pa chigamba mzerewo ndi 180, 190, 200, 190, 180, kutanthauza tsaya lowala pang'ono pakati, ndipo pa chithunzi cholandira khungu la m'malire ndi 100 kumanzere ndi 120 kumanja. Kuti msoko usaoneke, malire a kumanzere ayenera kutsika ndi 80 ndipo a kumanja ayenera kutsika ndi 60. Lamuloli limagawa kutsikako mosalala pakati pa mbali ziwirizo, moti mapikiseli atatu a mkati amatsika ndi 75, 70 ndi 65, n'kukhala 115, 130 ndi 125. Kuwala kwa pakati pa tsaya kwasungika, koma tsaya lonse latenga mtundu wa khungu la pa chithunzi cholandira. Kukonza kumeneku kuli ngati chikopa cha ng'oma chimene chakokedwa pa mkombero: kumene mkombero watsika chikopa chimatsika nawo, ndipo kutsikako kumamveka mpaka pakati.

Tsopano tinene kuti malire a kumanja sanagwere pa khungu koma pa tsitsi, pamene kuwala ndi 20 kokha, pomwe pa chigamba malo omwewo akadali khungu la 180. Mbali imeneyo iyenera kutsika ndi 160, choncho mapikiseli atatu aja amatsika ndi 100, 120 ndi 140, n'kukhala 90, 80 ndi 50. Tsaya lada ngati lapsa, ndipo kuwala kwa pakati kuja kwamira mu mdima wochokera ku tsitsi. Apa ndi pamene pali gwero la zolakwika zambiri zimene anthu amanena kuti ndi vuto la chidachi. Malire akadutsa pa chinthu chimene chili pa chithunzi chimodzi koma pa chinacho palibe, monga tsitsi, khoma loyera la kumbuyo, kolala ya malaya, ndevu kapena mwendo wa magalasi, mtundu wa chinthucho umatayikira mkati mwa nkhope. Lamulo loti muligwiritse ndi lakuti mzere wonse wa malire ugwere pa khungu pa zithunzi zonse ziwiri.

Ntchito imayamba ndi kulinganiza nkhope, chifukwa `seamlessClone` sitembenuza, sikuza ndiponso sichepetsa chigamba. Pezani madontho a nkhope pa zithunzi zonse ziwiri, mwachitsanzo madontho 68 amene laibulale ya `dlib` imapereka, pamene 0 mpaka 16 ndi mzere wa chibwano ndipo 17 mpaka 26 ndi nsidze. Kenako sunthani chithunzi cha chigamba kuti maso, mphuno ndi pakamwa zigwere pamwamba pa zinzake, ndipo chikhale pa muyeso wofanana ndi chithunzi cholandira. Mu khodi ili m'munsiyi, `src` ndi chithunzi chochokera chigamba, `dst` ndi cholandira, ndipo `pts_src` ndi `pts_dst` ndi madontho ake a mtundu wa `float32`:

```python
import cv2
import numpy as np

h, w = dst.shape[:2]
M, _ = cv2.estimateAffinePartial2D(pts_src, pts_dst)
warped = cv2.warpAffine(src, M, (w, h))

mask = np.zeros((h, w), np.uint8)
hull = cv2.convexHull(pts_dst.astype(np.int32))
cv2.fillConvexPoly(mask, hull, 255)
mask = cv2.erode(mask, np.ones((11, 11), np.uint8))

x, y, bw, bh = cv2.boundingRect(mask)
center = (x + bw // 2, y + bh // 2)
out = cv2.seamlessClone(warped, dst, mask.copy(), center, cv2.NORMAL_CLONE)
```

Masiki ndi chithunzi chakuda chokhala ndi malo oyera osonyeza gawo lotengedwa, ndipo kuyerako kukhale 255, osati 1, chifukwa chidachi chimagawa nambala za masiki ndi 255, moti mukalemba 1 chithunzi chimatuluka ngati simunachite kanthu. Mzere wa `cv2.erode` ndi umene ukubweza malire mkati ndi mapikiseli 5 mbali zonse, kuti achoke pa mphepete mwa chibwano pamene khungu limakumana ndi khosi kapena zinthu za kumbuyo. Muyeso wa 11 ukuyenera nkhope ya m'lifupi mwa mapikiseli pafupifupi 200, ndipo nkhope yaikulu imafuna kuti muukweze molingana. Tapereka `mask.copy()` chifukwa m'mitundu ina ya OpenCV chidachi chimasintha masiki amene mwachipatsa, zomwe zimasokoneza mukafuna kuwagwiritsanso ntchito.

Pali msampha pa masiki opangidwa ndi madontho 68 onse. Denga lake ndi nsidze, choncho mukawabweza mkati, malire a pamwamba amadutsa m'nsidze momwemo, pamene chakuda ndi chowala zayandikana kwambiri. Munthu amene anatsinzina nsidze zake zimatsika pang'ono poyerekeza ndi pamene maso ali otsegula, ndiye nsidze za zithunzi ziwirizo sizigwera pamodzi, ndipo zotsatira zake ndi mthunzi wakuda wotsikira m'zikope. Ine ndimakonda kukweza madontho 17 mpaka 26 kupita pa mphumi ndisanaitane `cv2.convexHull`, ndi mapikiseli 20 mpaka 25 pa nkhope ya muyeso tatchulawu, kuti malire adutse pa khungu losalala pakati pa nsidze ndi tsitsi. Ndiponso ngati vuto ndi maso okha, musatenge nkhope yonse. Masiki ozungulira maso ndi nsidze, odutsa pa mphumi, pa masaya ndi pakati pa mphuno, amatuluka bwino kuposa masiki aakulu chifukwa malire ake onse ali pa khungu.

Malo otchedwa `center` amasokoneza anthu ambiri. Si pakati pa chithunzi ndipo si nsonga ya mphuno, koma ndi pamene pakati pa bokosi lozungulira masiki padzagwere pa chithunzi cholandira. Tinene kuti chithunzi ndi 800 m'lifupi ndi 600 m'litali, ndipo `cv2.boundingRect` yapereka x = 310, y = 180, m'lifupi 180 ndi m'litali 220. Pamenepo `center` ndi (400, 290), ndipo chigamba chimagwera ndendende pamene munachilinganiza. Mukaika nsonga ya mphuno, mwachitsanzo (400, 305), nkhope yonse imatsika ndi mapikiseli 15, maso amasiyana ndi malo ake, ndipo malire a m'munsi amagwera pa khosi. Bokosilo liwerengedwe pambuyo pa `cv2.erode`, pa masiki omwewo amene mukupereka. Ngati bokosilo latuluka kunja kwa chithunzi cholandira, pulogalamu imaima ndi uthenga wa `Assertion failed` wotchula `roi`, ndipo mankhwala ake ndi kuwonjezera mphepete pa zithunzi ndi masiki pogwiritsa ntchito `cv2.copyMakeBorder`, kuwerenganso `center`, kenako kudula mphepetezo ntchito ikatha.

Pa nkhope gwiritsani ntchito `cv2.NORMAL_CLONE`. Njira ya `cv2.MIXED_CLONE` imasankha giradiyenti yamphamvu pakati pa zithunzi ziwirizo pa pikiseli iliyonse, zomwe zimathandiza polemba mawu pa khoma la njerwa, koma pa nkhope zimabweretsa mzere wa zikope zotseka pamwamba pa maso otsegula.

Palinso zimene njirayi siingakonze ngakhale malire akhale abwino. Popeza imasunga giradiyenti ya chigamba, ngati dzuwa linawomba kuchokera kumanzere pa chigamba pomwe pa chithunzi cholandira likuchokera kumanja, mthunzi wa mphuno umakhalabe mbali yolakwika. Siikonzanso kukula kwa kusiyana pakati pa zowala ndi zakuda, chifukwa imangowonjezera kapena kuchotsa. Tengani chigamba chowala chimene khungu ndi 180 ndipo mphako za mphuno ndi 60: mukachiika pa chithunzi cha mumthunzi pamene khungu ndi 100, zonse zimatsika ndi 80, mphako zija zimafika pa -20, ndipo kompyuta imazidula pa 0, moti malo akuda amasanduka mabanga opanda tsatanetsatane. Zimenezi muziyembekezere makamaka pamene khungu la pa chithunzi cholandira lili pafupi kale ndi malire a pansi, monga khungu lakuda lojambulidwa m'chipinda chopanda kuwala kokwanira. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa nambala za chigamba ndi 100 kugawa ndi 180, pafupifupi 0.56, musanalumikize, kuti khungu lifike pa 100 ndipo mphako zikhale pafupifupi 33.

Mukamaliza, musadalire maso okha pa chithunzi chochepetsedwa. Werengani `cv2.absdiff(out, dst)` ndipo muchulukitse zotsatira zake kanayi kapena kasanu kuti zioneke. Pamene ntchito yayenda bwino, kusiyana kumaunjikana pa maso ndi nsidze n'kumazilala pang'onopang'ono polowera ku malire. Mungaone kusintha kochepa kunja kwa masiki koma mkati mwa bokosi lake, ndipo zimenezo si vuto, chifukwa OpenCV imawerenga lamulo lija pa bokosi lonse. Koma mukaona banga lowala lomata pa malire mbali imodzi n'kumazilala polowera mkati, dziwani kuti pamenepo mzere wadutsa pa tsitsi, magalasi kapena zinthu za kumbuyo pa chimodzi mwa zithunzizo. Jambulani malirewo pa `warped` ndi pa `dst` pomwe ndi `cv2.findContours` ndi `cv2.drawContours`, pezani pamene achoka pa khungu, bwezani masiki pamalo amenewo okha, ndipo muwerengenso `center` musanalumikize kachiwiri.