Sikilini yakuda pambuyo poika dalaiva yatsopano

Laputopu yanga ya Windows 10 inapanga apudeti dalaiva ya zithunzi, basi ndikangolemba pasiwedi sikilini bii, koma kamuvi ka mausi kakuyenda bwinobwino, ndiye ndinadziwa kuti sikilini siinafe ayi.

Njira yake nayi. Pa tsamba lolemba pasiwedi paja ndinagwira Shift osasiya n'kudina batani la Power, Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, itayakanso ndinadina 4 kulowa Safe Mode, mmenemo zithunzi zimaoneka chifukwa dalaiva yovutayo siyatsidwa. Mu Device Manager, pansi pa Display adapters, ndinatsegula Properties ya khadi ya zithunzi, Driver, Roll Back Driver, kuzimitsa n'kuyatsa, zonse myaa.

Batani la Roll Back Driver likakana kudinika ndiye kuti dalaiva yakale palibe, pangani Uninstall device. Ine apudeti ndayamba ndaiimitsa kaye, imatha kubwezanso dalaiva yovuta yomweyo.